Dzimbiri pa Malata: Ndani Wataya, Ndani Watola?

Malata akachita dzimbiri, chitsulo chimakhala chitataya maelekitiloni ake, ndipo okosijeni wa mumpweya ndiye wawatola. Kuti tione bwino, akatswiri a kemisitiri amapatsa atomu iliyonse nambala ya okosidesheni.

Chitsulo chikakhala pachokha, Fe, nambala yake ndi 0. Okosijeni wa mumpweya, O₂, nayenso ndi 0. Ziwirizi zikagwirizana pamene pali chinyezi, zimapanga dzimbiri, lomwe phata lake ndi Fe₂O₃. Mmenemu okosijeni amatenga −2, monga amachitira kawirikawiri. Maatomu ake ndi atatu, choncho onse pamodzi ndi −6. Popeza nambala zonse ziyenera kuthera pa 0, maatomu awiri a chitsulo amagawana +6, iliyonse +3.

Chitsulo chakwera kuchoka pa 0 kufika pa +3: chataya maelekitiloni, ndiyo okosidesheniyo. Okosijeni watsika kufika pa −2, wawalandira, ndiyo lidakishoni.

Ambiri amalakwitsa polemba +6 pa chitsulo. Nambalayi ndi ya atomu imodzi, osati gulu lonse, ndipo ndikuona kuti kuwerenganso mpaka zithere pa 0 ndiko kumaulula cholakwikacho msanga.