Kalata ya Ramatoulaye: zomwe “ine” sangathe kutiuza

Mlembi wa nthano yaitali akasankha kuti nkhani ituluke pakamwa pa mpangankhani mmodzi, wolankhula kuti “ine”, owerenga timaona zokhazo zimene munthuyo anaona, kumva zimene anamva, ndi kuganizira pamodzi naye pamene iye sadziwa. Buku la Mariama Bâ wa ku Senegal, Une si longue lettre, lomwe linatuluka m'Chifalansa mu 1979 ndipo ambiri timalidziwa ndi dzina la Chingerezi lakuti So Long a Letter, limaonetsa bwino malire amenewa.

Buku lonse ndi kalata. Ramatoulaye, mphunzitsi wa ku Dakar, akulembera mnzake wa paubwana Aissatou ali m'nyumba ya chisoni, m'miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wachisilamu amabindikira mwamuna wake akamwalira. Mwamunayo, Modou, anali atamusiya ndi ana 12 patatha zaka 25 ali pabanja, n'kukwatira Binetou, mnzake wa kusukulu wa mwana wawo Daba.

Funso lomwe limavuta aliyense wowerenga ndi lakuti: kodi Modou anachitiranji zimenezi? Bukuli siliyankha, ndipo silingayankhe. Pamene kalata ikuyamba, Modou wagona kale. Ngakhale tsiku la ukwati wake wachiwiri sanabwere kudzanena yekha. Anabwera ndi mkulu wake Tamsir, mnzake Mawdo ndi imamu, zonse zitatha kale. Ramatoulaye amadzifunsa ngati inali misala, kufooka kapena chikondi chosaletseka, koma awa ndi mafunso a mkazi wovulala mumtima. M'mutu mwa Modou sitilowamo ngakhale kamodzi. Zili ngati pabwalo la mfumu pamene wodandaula walankhula tsiku lonse, wodandauliridwa osaoneka.

Ndiye powerenga buku lotere, pa chinthu chilichonse chimene wosimba nkhani wanena muzifunsa kuti anachidziwa bwanji. Mukatero muona kuti mawu a Ramatoulaye salemera mofanana. Za maliro anaziona ndi maso ake, ndipo tingazidalire. Za ngongole za Modou anazimva pamsonkhano wa banja umene umaulula chuma ndi zinsinsi za womwalira, pomwe panadziwika kuti nyumba yomwe awiriwa anaivutikira limodzi inaikidwa chikole kuti Binetou ndi mayi ake apeze yawo. Apa mlembi wagwiritsa ntchito mwambo pobweretsa umboni womwe Ramatoulaye sakanaupeza yekha.

Za Binetou ndiye zina. Mtsikanayu ankabwera m'nyumba ya Ramatoulaye, ndipo ankauza Daba za bambo wachikulire amene amamugulira zovala zodula. Daba ankafikitsa nkhaniyi kwa mayi ake, ndipo onse awiri sanadziwe kuti bamboyo ndi Modou. Choncho mawu a Binetou amatipeza atadutsa pakamwa pawiri: pa mnzake wokwiya ndi pa mkazi wamkulu wolandidwa banja. Ramatoulaye amamumvera chisoni, amamuona ngati mwana woperekedwa nsembe ndi mayi wofuna kuthawa umphawi. N'kutheka kuti ndi zoona. Koma chimene Binetou ankamva usiku ali yekha, palibe tsamba lomwe limatiuza.

Pali malo amodzi pamene ndimaona kuti Ramatoulaye wadumpha mpanda wake. Amasimba ulendo wa mayi ake a Mawdo wopita ku Diakhao kukatenga kamtsikana komwe adzakalere kuti kadzakhale mkazi wachiwiri wa mwana wawo, ndipo amafotokoza ngakhale zimene mayiwo ankalingalira m'njira. Iye paulendowo panalibe. Ndimeyi tiyenera kuiwerenga ngati chithunzi chimene wajambula yekha kuchokera pa zomwe anamva pambuyo pake, ndiponso wajambulira Aissatou, yemwe banja lake linatha chifukwa cha chiwembu chomwecho. Wolandira kalata nayenso amaumba nkhani: munthu polembera mnzake wapamtima amasankha zonena.

Malire ena ndi osaona zimene zili pafupi. Mwana wake wina atatenga pathupi, woyamba kuzindikira anali Farmata, mayi woyandikana naye nyumba. Ramatoulaye, amene amasanthula mabanja a anthu ena mwanzeru chotere, za m'nyumba mwake momwe zinamudutsa, ndipo ifenso tinadutsidwa naye limodzi.

Izi sizikutanthauza kuti Ramatoulaye ndi wabodza. Ndi mboni yoona mtima, koma ndi mboni imodzi. Bâ anasankha dala kutero, pakuti mawu a amuna onga Modou ankamveka kale ponseponse, pamene a mkazi wosiyidwa ankathera kuchipinda. Mtengo wa chisankho chimenechi anaulipira ndi Binetou, yemwenso ndi mkazi wolakwiridwa koma watsala wopanda liwu lake. Mukadzatsegulanso bukuli, tengani pensulo muzichonga paliponse pamene Ramatoulaye akunena za mumtima mwa munthu wina, ndipo pambali pake mulembe amene anamuuza.