Masewera M'nyumba Zosanjikizana: Wayifayi ya 5 GHz Kapena 2.4 GHz?

Madzulo anthu akaweruka, wayifayi ya 2.4 GHz imadzaza ngati msika. Ili ndi njira 3 zokha zosalowerana, 1, 6 ndi 11, ndipo marauta onse a anansi amalimbirana zomwezo. Mudzaona masewera akudukiza, mpira ukudumphadumpha, ngakhale chizindikiro cha netiweki chili chodzaza.

Ngati rauta ili m'chipinda chimodzi ndi makina amasewera, kapena kuseri kwa khoma limodzi, sankhani 5 GHz. Mafunde ake amafooka msanga pa makoma a konkire. Kufookako n'kumene kumakuthandizani, chifukwa mafunde a anansi amafika kwanu atatheratu mphamvu.

Makoma akachuluka, bwererani ku 2.4 GHz. PlayStation 4 yoyambirira, ya 2013, simva 5 GHz n'komwe. Imeneyo ilumikizeni ndi waya.