Galu wolondera wa m'kati mwa makina

Pamunda wina wothirira mbewu tinaika kamakina koyatsa ndi kuzimitsa pampu. Ntchito yake inali yosavuta: kuwerenga sensa yoyeza madzi m'thanki, kuyatsa pampu madzi akachepa, kuizimitsa thanki ikadzaza. Kanagwira bwino milungu itatu. Kenako m'mawa wina mwini munda anaimba foni kuti thanki yakhala ikusefukira kuchokera usiku, bwalo lonse lili matope okhaokha. Titafika tinapeza kanyali ka makinawo kakuyaka ngati palibe chavuta, pampu ikungolira. Titazimitsa n'kuyatsanso, zonse zinabwerera m'chimake.

Aliyense amene foni yake inaumapo akudziwa mankhwala amenewa. Vuto ndi loti makina a pamunda, mita ya magetsi kapena chombo chimene chili mumlengalenga sizikhala ndi munthu pafupi woti azimitse n'kuyatsanso. N'chifukwa chake muli kachipangizo kotchedwa wotchidogi taima, kutanthauza wotchi yogwira ntchito ya galu wolondera.

Galuyu ndi kawerengero chabe, kamene kamayenda pakokha osadalira pulogalamu. Mumamupatsa nthawi, tinene masekondi awiri. Pulogalamu iyenera kubwera nthawiyo isanathe n'kubwezeretsa kawerengeroko poyambira. Amisiri amati kumeneku ndi kumudyetsa galu. Ikapanda kubwera, galu amaluma: amayambitsanso tchipi yonse ngati mmene zimakhalira munthu akazimitsa n'kuyatsa. Pa tchipi ya ATmega328P, yomwe ili mu Arduino Uno, galuyu ali ndi wotchi yakeyake, ndipo nthawi yake mungaisankhe kuyambira pa mamilisekondi pafupifupi 16 mpaka masekondi 8. Amayatsidwa ndi `wdt_enable(WDTO_2S);` ndipo amadyetsedwa ndi `wdt_reset();`.

Tsono chochititsa manyazi n'chakuti m'kamakina kathu galuyo analimo, woyatsidwa bwinobwino. Nanga analekeranji kuluma?

Ndinali nditaika lamulo lomudyetsa pamalo olakwika. M'tchipi muli wotchi inanso imene imadukiza pulogalamu yaikulu pafupipafupi kuti kantchito kakang'ono kachitike, kenako pulogalamu n'kupitiriza. Amisiri amaitcha intaraputi. Ndinaona kuti pamenepo ndiye pabwino, chifukwa intaraputi siphonya nthawi, ndipo galu sadzagona ndi njala. Ndipotu sanagone nayo. Usiku uja, phokoso la magetsi lochokera ku mota ya pampu linasokoneza mawaya awiri a I2C opita ku sensa. Pulogalamu yaikulu inatsala ikudikira yankho limene silinabwere, pampu ili yoyaka. Koma intaraputi inkabwerabe monga mwa nthawi zonse, n'kumamudyetsa galu. Zinali ngati mlonda wagona tulo tofa nato, mwana wake n'kumamuimbira wezulo ola lililonse kuti abwana adziwe kuti ali maso.

Kulakwa kwina kofanana ndi kumeneku n'kumwaza `wdt_reset();` paliponse. Makina akayamba kumangoziyambitsanso, mmisiri wotopa amaponya lamuloli m'kati mwa malo amene pulogalamu imadikira yankho, ndipo kuyambitsanso kuja kumatha. Iye amaganiza kuti wakonza, chonsecho wangotseka galu pakamwa. Pulogalamu ikadzakodwa pamalo omwewo idzazungulira mpaka kalekale ikumudyetsa.

Galu sayenera kudya chifukwa choti tchipi ikupuma. Ayenera kudya pokhapokha ntchito yeniyeni yachitika. Pokonza kamakina kathu, ntchito zitatu zija, kuwerenga sensa, kusankha chochita, ndi kulamula pampu, iliyonse tinaipatsa chizindikiro chake. Ntchito imakweza chizindikirocho ikamaliza, osati ikamayamba. Lamulo lomudyetsa galu tinalisiya pamalo amodzi okha m'pulogalamu yonse, kumapeto kwa ulendo uliwonse:

```c
if (sensa_ok && ganizo_ok && pampu_ok) {
    wdt_reset();
    sensa_ok = ganizo_ok = pampu_ok = 0;
}
```

Mzere wachitatuwo, wotsitsa zizindikiro, ndi umene ambiri amaiwala. Zikapanda kutsitsidwa, ntchito imene inayenda kamodzi m'mawa imaonekabe ngati yamoyo tsiku lonse.

Nthawi ya galu nayo siyongolota. Tinayeza ulendo wautali kwambiri wa pulogalamu, wotenga zonse zochedwa, ndipo unali pafupifupi theka la sekondi. Tinasankha masekondi awiri. Ikafupika kwambiri galu amaluma wosalakwa. Ikatalika kwambiri zinthu zimaonongeka iye asanadzuke. Ndipo popeza tchipi ikhoza kuyambanso nthawi iliyonse, chinthu choyamba chimene pulogalamu imachita ikadzuka ndicho kuzimitsa pampu, kenako n'kufunsa sensa.

Apa ndi pamene ambiri amaima n'kudziombera m'manja. Koma galu wogwira bwino ntchito naye amabisa matenda. Kamakina kathu kakanatha kuuma kasanu pa tsiku, n'kudzuka patapita masekondi awiri, mwini munda osadziwa kanthu. Mawaya aja akanakhalabe odwala.

Choncho galu akaluma, pazikhala chipsera. ATmega328P imasunga chifukwa chimene yayambiranso m'malo otchedwa `MCUSR`, ndipo chizindikiro cha `WDRF` chikakhala chokwera ndiye kuti waluma ndi galu, osati kuthima kwa magetsi. Chiwerengeni koyambirira, kenako muchifufute. Chenjerani pa Arduino Uno, chifukwa kapulogalamu koyambitsira kamene imabwera nako kamatha kufufuta chizindikirochi pulogalamu yanu isanachione. Ife tinayamba kusunga mu EEPROM, chikumbumtima chosafufutika magetsi akathima, kuchuluka kwa maulendo amene galu waluma. Patatha mlungu umodzi nambala inali pa 11, ndipo tinapeza kuti makina ankauma pampu ikangoyaka kumene. Tinafupikitsa mawaya a sensa, tinawapatula kutali ndi a mota, ndipo tinaika malire a nthawi yodikira yankho, kuti sensa ikakhala chete pulogalamu izidziwa yokha osadikira mano a galu. Nambala ija inaleka kukwera.

Ngakhale akatswiri otchuka zinawachitikirapo. Chombo cha Mars Pathfinder chinatera pa Mars pa 4 Julaye 1997, ndipo patangopita masiku ochepa kompyuta yake inayamba kuziyambitsanso mobwerezabwereza. Kantchito kotsika koyeza nyengo kankagwira kiyi wa malo osungira uthenga, ntchito yofunika kwambiri n'kumadikira kiyiyo, pamene ntchito zapakatikati zinkalanda mpata wonse moti kotsikako sikankamaliza. Mlonda wa m'kompyutamo poona kuti ntchito yofunika ija sinathe pa nthawi yake, ankayambitsanso zonse. Zimenezi zinapulumutsa chombo, koma ulendo uliwonse ntchito ya tsikulo inkadukira panjira. Akatswiri a ku JPL sanamutseke pakamwa mlondayo. Anayesa pa chombo chofanana nacho chimene anali nacho pansi pano mpaka vutolo litaonekera, kenako anatumiza chikonzo kudzera pa wailesi. Kuyambitsanso kotereku kunali kutaonekapo poyesa chombocho chisananyamuke, koma gwero lake silinapezeke nthawi imeneyo.

Tsono inu amene mmisiri wakuikirani makina a pampu, a chofungatira mazira kapena a geti, akakuuzani kuti musadandaule chifukwa akauma amadzuka okha, mufunseni kuti mwezi wathawu adzuka kangati, ndipo akuonetseni pamene nambalayo yalembedwa.