Mtengo Umodzi Kapena Wotengera Mtunda: Amapindula Ndani pa Basi?

Mumzinda wa London, munthu akakwera basi amalipira ndalama imodzimodzi, kaya atsika pa siteji yotsatira kaya apita mpaka komwe basiyo imathera. Mu 2024 mtengowo unali £1.75. Koma munthu yemweyo akalowa m'sitima ya pansi pa nthaka, zinthu zimasintha. Mzindawo anaugawa m'zigawo zozungulira, chigawo 1 chili pakati penipeni ndipo zina zimanka zikutalikira, moti ndalama yomwe ulipire imatengera zigawo zomwe wadutsa komanso nthawi yomwe wakwera. Mzinda ndi umodzi, khadi lolipirira ndi limodzi, koma njira zowerengera ndi ziwiri. Kwa munthu woyenda kamodzi pa chaka kusiyanaku n'kosadetsa nkhawa. Kwa wolawira ku ntchito tsiku ndi tsiku, kumakhudza lendi, ndiwo ndi fizi ya ana.

Kuti tione bwino, tiyeni tipeke msewu wathu ndi manambala osavuta. Tinene kuti basi ikufunika K10,000 pa ulendo uliwonse kuti igule mafuta, ilipire dalaivala ndi kondakitala, n'kutsalako ya matayala. Yanyamula anthu khumi: asanu akuyenda makilomita 4, asanu enawo makilomita 16. Pa mtengo umodzi, aliyense apereka K1,000. Tikawerengera mtunda, anthu onsewa pamodzi ayenda makilomita 100, ndiye kilomita imodzi ikugwera K100. Wapafupi apereka K400, wakutali K1,600. Mwinibasi walandira ndalama yomweyo m'njira zonse ziwiri. Chomwe chasintha ndi thumba lomwe yatulukamo.

Tsopano tiwerengere mwezi wa masiku 22 ogwira ntchito, kupita ndi kubwerera, omwe ndi maulendo 44. Pa mtengo umodzi aliyense amawononga K44,000. Potengera mtunda, wapafupi amawononga K17,600 pomwe wakutali amawononga K70,400. Ndiye kuti pa mtengo umodzi, wapafupi uja akumulipirira mnzake K26,400 mwezi uliwonse, ngakhale sadziwana n'komwe.

Apa ndi pomwe mtengo umodzi umayambira kuvuta. Munthu wa makilomita 4 sakakamizika kukwera basi. Akhoza kuyenda pansi, kupalasa njinga kapena kukwera kabaza. Atatu mwa asanu aja akaleka kukwera, K10,000 ija igawidwa pa anthu asanu ndi awiri, ndipo mtengo ukwera kufika cha m'ma K1,430. Ukakwera chonchi, apafupi otsala aja nawonso amathawa. Chizindikiro chake chimaoneka ndi maso: basi imadzaza kochokera, m'masiteji apafupi ndi tauni palibe woikweza mkono, koma m'mbali mwa msewu anthu ali mdipiti wapansi. N'chifukwa chake mtengo umodzi umakhalitsa pomwe boma kapena khonsolo ikuthirapo ndalama kuti ukhale wotsika. Ku New York, komwe sitima za pansi pa nthaka zinayamba mu 1904, mtengo unakhala masenti 5 mpaka 1948, ndipo mu 2024 unali $2.90. Ndi ndalama imeneyo munthu ankatha kuyenda pa sitima A kuchoka ku Inwood mpaka ku Far Rockaway, mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Ndalama za okwera pazokha sizikwanira kuyendetsa sitimazi, zina zimachokera ku misonkho.

Ambiri akamva zimenezi amafulumira kunena kuti chilungamo ndi kulipira mtunda womwe wayenda. Ine ndimati tiyambe tafunsa kuti wokhala kutaliyo ndani, ndipo anafikako bwanji. Ku Cape Town, komwe kuli abale athu ambiri ogwira ntchito, mabasi a MyCiTi amawerengera mtunda m'magulu: makilomita 0 mpaka 5, 5 mpaka 10, 10 mpaka 20, n'kumapitirira, ndipo nthawi yomwe anthu amapita ndi kuweruka ku ntchito mtengo umakwererapo. Koma dera la Khayelitsha, lomwe lili makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pa mzinda, silinapezeke kumeneko mwangozi. Boma la tsankho ndi lomwe linalikhazikitsa m'zaka za m'ma 1980 kuti anthu akuda azikhala kutali. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba wochokera kumeneko amalandira zochepa, amadzuka kusanache, amathera nthawi yaitali mumsewu, ndiye n'kumulipiritsanso zambiri kuposa wokhala pafupi ndi tauni. Masamu ake ndi olondola, koma mtolo wagwera wofooka. Mumzinda womwe olemera ndiwo anasankha kukamanga kunja kopita mphepo, nkhani imatembenuka: mtengo umodzi umachititsa wosauka wa m'kati mwa tauni kulipirira bwana.

Kuwerengera mtunda kulinso ndi ntchito yake. Pa basi ya ku London umagunditsa khadi pa makina kamodzi kokha, polowa, chifukwa komwe utsikire kulibe kanthu. Pa sitima uyenera kugunditsa polowa ndi potuluka kuti makina adziwe mtunda wako. Ukaiwala potuluka, amakudula mtengo wapamwamba, ndipo ambiri amazindikira mochedwa ataona kuti ndalama m'khadi zatha msanga. Palinso vuto la m'malire. Wokhala siteji imodzi kuseri kwa malire a chigawo amalipira zambiri kuposa mnzake wa tsidya lino, chonsecho nyumba zawo zikuonana. Ena amalolera kuyenda pansi kukakwerera siteji ya kutsogolo.

Kwathu kuno minibasi zimatsamira ku mtunda, ngakhale palibe makina. Mtengo umayendera masiteji, ndipo wotsikira panjira amanenerera kwa kondakitala kuti amuchotsereko. Ubwino wake ndi woti wapafupi sapsinjika kwambiri. Kuipa kwake ndi koti mtengo sudziwika bwino: madzulo anthu akachuluka, mvula ikagwa kapena mafuta akasowa, umakwera pomwepo, ndipo munthu sangapange bajeti ya mwezi molimba mtima. Pa mfundo imeneyi mtengo umodzi uli ndi mphamvu yomwe anthu saiwerengera, chifukwa umatuluka m'nyumba ukudziwa ndalama yomwe ufunika.

Komabe chomwe chimadya kwambiri thumba la woyenda tsiku ndi tsiku nthawi zambiri si mtunda ayi, koma kusintha galimoto. Munthu wa ku Bangwe wogwira ntchito ku Chirimba amatsika ku Limbe n'kulipiranso mwatsopano. Ngakhale atati akhazikitse mtengo umodzi pa minibasi iliyonse, iyeyu azilipirabe kawiri popita, kawiri pobwera, pomwe wina woyenda mtunda wofanana pa msewu wolunjika akulipira kamodzi. London inakonza vutoli mu 2016 ndi dongosolo lotchedwa Hopper, ndipo kuyambira mu 2018 munthu amasintha mabasi kangapo konse mkati mwa ola limodzi osalipiranso, bola agwiritse ntchito khadi lomwelo. Aikanso malire a ndalama yomwe munthu angadulidwe pa tsiku, ukafika pamenepo maulendo otsala ndi aulere. Zimenezi zimatheka chifukwa ndalama zonse zimalowa m'thumba limodzi la bungwe la Transport for London, lomwe limalipira makampani oyendetsa mabasi. Komwe minibasi iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo dalaivala ali ndi ndalama yoti akapereke kwa bwana madzulo, palibe angavomere kunyamula ulere munthu yemwe walipira kwa wina. Choncho mizinda yathu ikadzafuna kubweretsa mabasi akuluakulu a mtengo wokhazikika, funso loyamba lidzakhala la yemwe azisonkhanitsa ndalamazo ndi momwe azigawira eni magalimoto.