Loweruka la ukwati silikhala la saluni iwiri

Mvula ikangokata, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Disembala, eni saluni ku Lilongwe ndi ku Blantyre sapuma Loweruka. Ambiri masiku ano amagulitsa ntchito ya ukwati pamtengo umodzi: tsitsi, zikhadabo ndi kuphoda mkwatibwi pamodzi ndi omuperekeza. Mtengo umodziwo ndi wabwino, koma umapweteka ngati simunalembe kuti anthu ndi angati. Tsikulo pamatulukira apongozi, azakhali ndi tiana tonyamula maluwa, aliyense akuti "inenso mungondipakako pang'ono." Lembani chiwerengero, ndipo mtengo wa munthu wowonjezera udziwike kale.

Antchito muziwawerengera chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa nthawi ya kutchalitchi. Tiyerekeze kuti ukwati udalitsidwa 9 koloko ndipo operekeza alipo 6. Galimoto inyamuka 8 koloko. Kuphoda munthu mmodzi kumatenga mphindi ngati 45, ndiye kuti onsewo ndi maola anayi ndi theka. Munthu mmodzi sangakwanitse. Awiri atayamba 5:30 amaliza 7:45, pamene mwini saluni ali ndi mkwatibwi yekha kwa ola ndi theka, osamusiyasiya. Kuluka ndi kusoka meshi zithe Lachinayi, zikhadabo Lachisanu, ndipo chilichonse chofuna draya chisadikire m'mawa wa ukwati chifukwa magetsi akathima palibe amene angakumvetseni. Gulu limeneli lisapatsidwe ukwati wachiwiri m'mawa womwewo, ngakhale ndalama zikope bwanji.

Pa dipoziti ndi pamene ambiri amachita manyazi, makamaka mkwatibwi akakhala wa mpingo wawo. Manyaziwo ndi olakwika. Mukalemba dzina lake pa Loweruka lija, ena onse mukuwabweza, ndipo ndalamayo ndi yolipirira tsikulo. Ngati ntchito yonse ndi K400,000, theka lake libwere posungitsa tsiku, ndipo mugulire pomwepo meshi, wigi ndi zophodera. Amene ankagwira ntchitoyi mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene katundu anakwerera mitengo ya maukwati itagwirizanidwa kale. Pa ndalama yomweyo patulani kachikole ka ophoda aganyu, apo ayi wina adzawatenga.

Yotsalayo ilowe kutatsala sabata imodzi. Komiti ya ukwati ikanena kuti "tidzakupatsani perekaniperekani akatha," kanani mwaulemu, pakuti ndalama za m'lichero zimadikiridwa ndi a holo, a zokongoletsa ndi ojambula. Landirani kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo wolipirayo akhale mmodzi, kaya msungichuma wa komiti kaya mkwatibwi mwiniwake.

Nanga maliro akagwa ukwati n'kusunthidwa? Apa musaume mtima: dipoziti isamukire ku tsiku lina limene saluni ili ndi mpata. Koma ukwati ukangolephereka kutatsala mwezi umodzi kapena kucheperapo, ndalamayo sibwezedwa, ndipo mfundoyi ikhale papepala limene nonse munasainirana tsiku loyamba.