Kwa amene wayamba nchito: abwana akamati “tidzakuikilako penshoni”

Abale ndi alongo, acinyamata athu akalembedwa nchito amapatsidwa mafomu a penshoni, ndipo ena amangowasunga m'cola. Tiyeni tione cimene amataya.

Ku NAPSA palibe kusankha. Lamulo limati wanchito azipeleka 5 pelesenti ya malipilo ake, abwana nawonso 5 pelesenti, kufikila pa malile amene amaikidwa caka ciliconse. Ngati mulandila K6,000 pamwezi, amakudulani K300, abwana aikapo K300 yocokela m'thumba mwawo, ndipo K600 ilembedwa pa dzina lanu.

Makampani ena alinso ndi thumba lawolawo la penshoni kuwonjezela pa NAPSA. Kumeneko mungamve kuti: “Ukaika kwaca imodzi, ifenso tiika imodzi, mpaka 5 pelesenti.” Tanthauzo lake n'lakuti ndalama za abwana zimatsatila zanu. Pa malipilo omwewo a K6,000, mukasankha kuika 3 pelesenti cabe, ndiye K180, iwonso aika K180. Mwasiya K120 mwezi uliwonse, K1,440 pacaka. Imeneyi ni mbali ya malipilo anu, koma simungailandile pamanja. Ngati kulowa n'kodzifunila ndipo mwazengeleza zaka zisanu, mwataya K18,000 ya abwana, ndipo saibweza.

Nanga kufulumila n'kwa ciani? Ndalama za m'thumba la kampani zimagwilitsidwa nchito kuti zibale phindu, ndipo phindulo limabalanso lina. Tingoyelekezela kuti zikula ndi 8 pelesenti pacaka. K7,200 ya caka cimodzi, yanu ndi ya abwana pamodzi, mukaiika muli ndi zaka 25 idzakhala pafupifupi K106,000 pofika zaka 60. Mukaiika muli ndi zaka 35 idzangofika pafupifupi K49,000. Ici ni citsanzo cabe. Phindu limakwela ndi kutsika, ndiponso kukwela mitengo kwa zinthu kumadyako mphamvu ya ndalamazo.

Ku NAPSA amaŵelenganso miyezi. Penshoni ya mwezi ndi mwezi imafuna zopeleka za miyezi 180, ndiko kuti zaka 15. Motelo mwezi uliwonse umene sunalembedwe umakubwezani m'mbuyo.

Musanasaine, funsani ku ofesi yoona za anchito kuti abwana amaika mpaka pati, ndiponso ngati mudzatenga gawo lawo lonse mukacoka pakapita zaka ziŵili cabe, pakuti malamulo a matumba amasiyana. Mukalowa, musadalile pepala la malipilo lokha. Pepalalo lionetsa kuti anakudulani, osati kuti ndalamazo zinafika. Muziona sitetimenti yanu ya NAPSA ndi ya thumba la kampani. Mukapeza mwezi wopanda kanthu, funsani msanga, mapepala akali pafupi.

Makolo, mwana akabweletsa cakhumi cake coyamba, muyamikeni, kenako mum'funse ngati fomu ija anaibweza ku ofesi.