Madengu a hisitogiramu ndi ndalama za mabanja

Wogulitsa mbatata akamasankha katundu wake, amaika zing'onozing'ono m'dengu lina, zapakati m'lina, zikuluzikulu m'linanso. Madengu akakhala awiri okha, mbatata yonga nkhonya imagona pamodzi ndi yonga chala. Akachulukitsitsa, dengu lililonse limangolandira imodzi, ndipo wogula sangadziwe msinkhu umene wachuluka. Hisitogiramu imagwiranso ntchito chomwecho: dengu lililonse ndi gawo la manambala, ndipo kutalika kwa mzati wake pachithunzi kumasonyeza kuchuluka kwa zimene zagweramo.

Tiyerekeze kuti mabanja 11 amapeza ndalama izi pamwezi, m'masauzande a makwacha: 40, 50, 50, 60, 65, 70, 85, 90, 120, 180 ndi 950. Dengu likakula kufika 500, mabanja khumi aunjikana mumzati umodzi, ngati kuti wa 40 ndi wa 180 amadya zofanana. Likachepa kufika 5, muona timizati tobalalika topanda tanthauzo. Koma yesani 50. Banja limodzi lili pansi pa 50, asanu ndi awiri ali pakati pa 50 ndi 99, awiri akutsatira payekhapayekha, kenaka madengu 15 opanda kanthu musanafike pa banja la 950. Chithunzi chatupa kumanzere n'kukoka mchira wautali kumanja, monga ndalama za anthu zimakhalira pafupifupi kulikonse.

Akatswiri ali ndi malamulo othandiza posankha kukula kwa dengu. La Sturges la mu 1926 limangoyang'ana chiwerengero cha mabanja, ndipo pano lingatipatse madengu asanu a pafupifupi 180 lililonse. Dengu loyambalo limeza mabanja khumi. Vuto ndi banja lolemera lija, limene latambasula mtunda wonse wogawidwa. La Freedman ndi Diaconis la mu 1981 silitengeka nalo, chifukwa limayeza kutambasuka kwa theka lapakati la mabanja, IQR, basi:

```
h = 2 × IQR / n^(1/3)
```

Apa theka lapakatilo likuyambira pa 50 kulekezera pa 120, kusiyana kwake ndi 70, ndipo yankho ndi pafupifupi 63. Palibe chifukwa choumirira 63 weniweniyo. 50 ali pafupi ndipo amawerengeka msanga. Ine ndimajambula kawiri kapena katatu ndi madengu osiyana. Chotupa chimene chikuoneka pachithunzi chimodzi chokha sindichikhulupirira, makamaka mabanja akakhala ochepa chonchi.

Mchira uja umasokonezanso avereji. Ndalama zonse pamodzi ndi 1,760, ndiye pogawira mabanja 11, lililonse likupeza 160. Komatu mabanja asanu ndi anayi sakufikapo pamenepo! Banja lachisanu ndi chimodzi pamndandanda, limene lili pakati penipeni, limapeza 70, ndipo nambala imeneyi, midiyani, ikugwera mumzati wautali kwambiri uja. Banja la 950 litayamba kupeza 2,050, avereji ingalumphe kufika 260, midiyani ili pa 70 pomwepo.